Cholakwika chobisala m'pulogalamu

Pali cholakwika china m'mapulogalamu a kompyuta chimene chimasowetsa tulo: pulogalamu imayenda bwino maulendo mazanamazana, kenako n'kuphonya kamodzi.

Tinene kuti mbali ziwiri za pulogalamu zikugwira ntchito nthawi imodzi, ndipo zonse zikuwonjezera pa nambala imodzi ndi lamulo lakuti `count++`. Lamuloli limaoneka ngati sitepe imodzi, koma ndi masitepe atatu: kuwerenga nambala, kuwonjezera 1, n'kulemba yankho. Mbali yoyamba ikawerenga 41, yachiwiri n'kuwerenganso 41 inzakeyo isanalembe, zonse zimalemba 42 m'malo moti nambala ifike pa 43. Mpata woti zilimbirane choncho ndi wochepetsetsa, n'chifukwa chake vutoli limaoneka patalipatali.

Chopweteka n'chakuti mukaikamo mizere yosindikiza uthenga kuti muone zikuchitika, liwiro limasintha, vutolo n'kubisala. Ndiye musalidikire, likakamizeni. Ikani kakupuma dala pakati pa kuwerenga ndi kulemba, lizichitika pafupifupi ulendo uliwonse. M'chinenero cha Go, lamulo la `go test -race` limaloza mizere yolimbiranayo, malinga ngati mayesowo aidutsa.

Mankhwala ake ndi loko, `sync.Mutex`, kuti mbali imodzi imalize masitepe onse atatu inzake isanakhudze nambalayo. Mukakonza, yesaninso kakupuma kaja kadakalipo, chifukwa kungoona kuti vuto lasiya kuoneka si umboni woti latha.