Kuphitsa, klorini kapena sefa ya dothi: madzi akumwa tiwasamale bwanji?

Kolera itabuka ku Machinga mu Malichi 2022, idafalikira dziko lonse n'kupha anthu oposa 1,700. Kuyambira pamenepo ambiri tidamva kuti madzi akumwa tiziphitsa, tizithira klorini kapena tizisefa. Zimene sizinenedwa kawirikawiri n'zakuti njira zitatuzi zimasiyana kwambiri pa zimene zimachitikira madziwo akakhala m'ndowa tsiku lonse.

Tiyerekeze banja la anthu asanu ndi mmodzi limene latunga ndowa ya malita 20 pachitsime chosatetezedwa m'nyengo yadzinja, madzi ake ofiirira ndi matope.

Pa kupha tizilombo, palibe njira yoposa kuphitsa. Madzi akabwata kwa mphindi imodzi, mabakiteriya, mavairasi ndi tizilombo tina ta m'mimba timafa, ngakhale madziwo akhale amatope. Kubwata kwake kukhale kwenikweni, osati timathovu tija timayamba pansi pa poto. Koma malita 20 tsiku ndi tsiku amadya nkhuni ndi makala ambiri, ndipo amatenga maola kuti azizire. Akazizira, chitetezo chatha. Mwana akabwera kuchokera kosewera n'kuviika kapu ndi zala zomwe mumtsuko, nkhuni zonse zija zapita pachabe, ndipo madziwo saoneka kuti asintha. N'chifukwa chake madzi ophitsa amayenera kukhala m'chigubu chotsuka bwino cha kukamwa kwakung'ono, kapena m'ndowa yovundikira yokhala ndi kampopi.

Apa ndi pamene klorini amapambana. Mukaponya piritsi monga la Aquatabs m'madzi n'kudikira mphindi 30, klorini wina amatha popha tizilombo, wina amatsalira m'madzimo n'kumapha tizilombo tolowa pambuyo pake, pafupifupi kwa tsiku limodzi ngati ndowa ili yovundikira. Kafungo kaja anthu amadana nako ndi chizindikiro chakuti watsalira. Ngati mphindi 30 zadutsa koma simukumva kafungo ngakhale pang'ono, ndiye kuti zinyalala za m'madzimo zamumaliza, ndipo musawakhulupirire.

Izi n'zimene zingachitikire ndowa ya banja lija. Matope amadya klorini, komanso tizilombo timabisala m'timibulu ta dothi. Choncho ayambe asiya madziwo kuti adikhe, atsanulire apamwamba m'ndowa ina powasefa ndi nsalu yoyera yopinda kangapo, kenako aponye piritsi. Ngati akadali a mbuu, muyeso umawirikizidwa kawiri. Mapiritsiwa ali ndi mphamvu zosiyanasiyana, ena a lita imodzi, ena a ndowa yonse, motero werengani papaketi kapena funsani mlangizi wa zaumoyo, musangotengera mmene amachitira anansi. Klorini amapha msanga tizilombo ta kolera ndi taifodi, koma amalephera kachilombo kotchedwa kriputosiporidiyamu, kamene kamatsegula ana m'mimba.

Sefa ya dothi imagwira kachilomboka mosavuta. Sefa yooneka ngati mphika wobzalamo maluwa idapangidwa ndi Fernando Mazariegos ku Guatemala mu 1981. Oumba amasakaniza dongo ndi utuchi kapena mankhusu a mpunga. Pootcha, utuchiwo umapsa n'kusiya timipata tosaoneka ndi maso. Madzi amadontha m'timipatamo n'kugwera m'ndowa yapansi, matope ndi mabakiteriya ambiri n'kutsala. Ambiri amaipakanso mankhwala a siliva ofooketsa mabakiteriya. Madzi ake amatuluka oyera, opanda fungo, ndipo ine ndimaona kuti ichi n'chifukwa chachikulu chimene anthu amaikondera. Koma mavairasi ndi aang'ono kwambiri, ambiri amadutsa.

Sefa yabwino imatulutsa lita imodzi mpaka atatu pa ola, kotero malita 20 aja amafuna tsiku lathunthu, mukuthira kangapo. Liwiro lake ndi limene limakuuzani ngati ili bwino. Ikayamba kuchedwa, yatsekeka ndi matope: ikwecheni m'kati ndi burashi yofewa ndi madzi osefa kale, popanda sopo, osagwira kunsi kwake. Ikayamba kuthamanga mwadzidzidzi musasangalale, yachita mng'alu, ndipo mng'alu wonga tsitsi ndi wokwanira kudutsa tizilombo tonse. Yotereyo siimatidwa, imafuna kugula ina.

Kwa banja la madzi amatope lija, ndingasankhe sefa masiku onse, ndipo kolera ikamveka m'mudzi aziponyanso piritsi m'madzi osefawo. Otunga pamjigo, amene madzi awo amatuluka oyera n'kudzadetsedwa panjira kapena kunyumba, klorini yekha amawakwanira. Kuphitsa ndingakusungire madzi a khanda ndi a wodwala, amene ndi ochepa ndipo amamwedwa nthawi yomweyo.

Za mchere wa m'mijigo ina ya ku Chikwawa ndi Nsanje, palibe mwa njira zitatuzi imene imauchotsa. Kuphitsa kumangouwonjezera kuwawa, poti madzi ena amathawa ngati nthunzi, mcherewo n'kutsala.