Nthabwala ya ku ofesi ilase ntchito, isalase munthu

Pachisuweni anthu amanyogodolana popanda mlandu, chifukwa mwambo unawaloleza. Ku ofesi kulibe chilolezo chotere. Bwana akaseka wina, ena onse amaseka nawo poopa ntchito, ndipo wosekedwayo sangabweze.

Tiyerekeze ofesi ya alangizi a zaulimi kwa Chiwalo ku Phalombe, kumene malipoti a pamwezi akuchedwa kupita ku boma. Mkulu wa ofesi akufuna kulemba mawu olimbikitsa pa bolodi. Akalemba kuti "Anamzikambe ena afulumireko", maso onse atembenukira kwa mlangizi amene amachedwetsa lipoti, mwina chifukwa njinga yake inathyoka. Chizindikiro cha chipongwe ndi chomwecho: anthu akuseka akuyang'ana munthu mmodzi, iye ali ndwii.

Koma atalemba kuti "Lipoti lili ngati nandolo, likakhalitsa m'thumba limafumbwa", uthenga ndi womwewo, koma chosekedwa ndi pepala. Aliyense m'dera lolima nandolo ngati limeneli akuwadziwa anankafumbwe, ndipo wochedwa uja angathe kuseka nawo, kenako n'kukatenga lipoti lake. Mkuluyo akawonjezera kuti lake lomwe layamba kufumbwa, zimakoma kwambiri, pakuti nthabwala yoyambira pa mwini siipweteka.

Zina n'zosayenera kuzikhudza n'komwe: kalankhulidwe ka Alhomwe, thupi la munthu, ngongole zake, ngakhalenso madzi osefukira. Namondwe Freddy wa mu Marichi 2023 anapha anthu ku Phalombe, ndipo mkulu wochokera kutawuni sangadziwe amene anaferedwa pakati pa omumvera.