Kusandutsa Mitu ya Notsi Kukhala Mafunso a Mayeso

Mutu wa m'notsi umangotchula nkhani, suuza wophunzira zoti achite nayo. Mawu akuti “Msintho wa aneni” pamwamba pa tsamba amalola maso kutsetsereka mpaka pansi, ndipo wowerenga amatseka kope akudziona ngati wadziwa, chifukwa chilichonse chomwe waona n'chachizolowezi kwa iye. M'chipinda cha mayeso mulibe mitu yotere. Muli mafunso, ndipo funso lililonse limalamula chinthu chimodzi: tchulani, fotokozani, siyanitsani, perekani zitsanzo. Njira yomwe ikufotokozedwa pano ndi yolembanso mutu uliwonse wa m'notsi ngati funso lomwe lingabwere pa mayeso, n'kulemba pansi pake yankho lachitsanzo, lomwe wochonga angalipatse malikisi onse.

Njirayi si yatsopano. M'chaka cha 1946, Francis Robinson wa pa yunivesite ya Ohio State ku Amereka anatulutsa buku lomwe munali kawerengedwe kotchedwa SQ3R, ndipo gawo lachiwiri la kawerengedweko n'kusandutsa mutu kukhala funso munthu asanayambe kuwerenga ndime. Umboni wodziwika wa phindu lodzifunsa unadza mu 2006, pomwe Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke anapatsa ophunzira a pa yunivesite ndime yoti aphunzire. Gulu lina linaiwerenga mobwerezabwereza, pomwe lina linawerenga nthawi imodzi kenako n'kuyesa katatu kulemba zomwe likukumbuka. Patangopita mphindi zisanu, owerenga mobwereza ndiwo anakhoza bwino. Patatha sabata zinthu zinatembenuka: odziyesa anakumbuka 61 peresenti ya mfundo, owerenga chabe 40 peresenti. Chodabwitsa n'chakuti owerenga mobwereza aja ndiwo ankadzikhulupirira kwambiri kuti adzakumbuka.

Ntchito imayamba kope lili chitsekere. Wophunzira amasonkhanitsa mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo a phunzirolo, monga a Maneb kwa yemwe akukonzekera JCE kapena MSCE, n'kuona momwe mafunso amayambira komanso malikisi omwe amaikidwa kumapeto kwa funso lililonse. Cholinga pano si kuyankha, koma kuphunzira kayankhulidwe ka wofunsa. Funso loyamba ndi “Tchulani” limafuna dzina la chinthu basi. “Fotokozani” limafuna momwe chinthu chimachitikira kapena chifukwa chake. “Siyanitsani” limafuna mbali ziwiri zoyang'anizana pa mfundo imodzi. Pa maphunziro omwe mayeso ake amalembedwa m'Chingerezi, funso ndi yankho zimalembedwanso m'Chingerezi, pogwiritsa ntchito mawu olamula omwe ali m'mapepala akalewo, chifukwa mfundo yoidziwa m'Chichewa chokha imavuta kuitulutsa mwachangu m'chiyankhulo china nthawi ikamatha.

Chitsanzo chabwino ndi mutu wa “Msintho wa aneni” m'notsi za malamulo a chiyankhulo. Pansi pa mutuwu pamakhala tanthauzo, mndandanda wa mitundu monga msintho womuchitira, wochititsa, wochitidwa ndi wochitirana, kenako zitsanzo zingapo. Funso lomwe limabwera msanga m'maganizo ndi lakuti, “Kodi msintho wa aneni n'chiyani?” Funsoli n'lolondola, koma n'laulesi. Limakhudza mzere woyamba wokha wa notsi, n'kusiya tsamba lonse osafunsidwa. Wophunzira yemwe mafunso ake onse akuyamba ndi “Kodi” n'kuthera ndi “n'chiyani” wangobwereza mitu yake yomwe ija poikapo chizindikiro chofunsira.

Mutu waukulu chotere umabala mafunso atatu kapena anayi, ovuta mosiyana. Loyamba lingakhale, “Tchulani mitundu inayi ya msintho wa aneni. (Malikisi 4)” Yankho lake ndi mayina anayi aja, popanda chiganizo chotsegulira kapena kufotokoza. Lachiwiri, “Sinthani mneni ‘lemba’ kuti akhale mu msintho womuchitira ndipo mupange naye chiganizo. (Malikisi 2)” Yankho: “Lembera. Chikondi akulembera agogo ake kalata.” Malikisi awiri, zinthu ziwiri. Malikisi a funso lodzipangira ndi ongoyerekeza potengera mapepala akale, koma amathandiza chifukwa amaika malire a yankho. Popanda malirewo wophunzira amakopera ndime yonse ya notsi pansi pa funso, ndipo ntchito yonse imasanduka kulembanso kope lomwelo kachiwiri.

Funso lachitatu ndi lomwe limavumbula ngati nkhani yamveka: “Fotokozani chifukwa chake ‘phika’ amakhala ‘phikira’ pomwe ‘lemba’ amakhala ‘lembera’. (Malikisi 2)” Poyamba wophunzira angalembe kuti, “Chifukwa aneni ena amatenga -ira ndipo ena amatenga -era.” Yankho ili langobwereza funso, silinapereke chifukwa. Yankho lachitsanzo liyenera kunena lamulo lenileni: “Kusinthaku kumatsatira lembo la liwu la m'tsinde la mneni. Likakhala a, i kapena u, mneni amatenga -ira, monga samba kukhala sambira, phika kukhala phikira, gula kukhala gulira. Likakhala e kapena o, amatenga -era, monga lemba kukhala lembera, gona kukhala gonera.” Ngati notsi za m'kalasi sizinafotokoze zimenezi, funso lagwira kale ntchito yake yoyamba, yosonyeza pomwe notsi zili ndi mpata.

Lamulo likalembedwa, liyesedwe ndi mneni yemwe mulibe m'notsi. Wophunzira akatenga “dya”, “mwa” kapena “gwa” angaganize kuti poti muli a, atenga -ira. Koma aliyense amati dyera, mwera, gwera. Aneni a phatikizo limodzi ngati awa amatenga -era, ndipo a yemwe akuoneka ndi wakumapeto kwa mneni, osati wa m'tsinde. Mfundo imeneyi imawonjezedwa pa yankho ngati mzere umodzi. Wolankhula Chichewa kuyambira kubadwa salakwitsa aneniwa pakamwa, n'chifukwa chake phunziroli limapusitsa ambiri: kutchula bwino mawu n'kosiyana ndi kutha kunena lamulo lake papepala.

Mafunso ena abwino sachokera pa mutu umodzi, amachokera pa mitu iwiri yoyandikana yomwe imasokoneza. Msintho wochititsa ndi wochititsitsa ndi otero, chifukwa nthawi zina amalembedwa mofanana. “Thamangitsa” angatanthauze kuchititsa wina kuthamanga, monga mu chiganizo chakuti “Galu wathamangitsa kalulu”, kapena kuthamanga kwambiri, monga “Thamangitsa kuti uipeze basi.” Funso loyenera apa ndi lakuti, “Siyanitsani msintho wochititsa ndi wochititsitsa pogwiritsa ntchito mneni ‘thamanga’.” Yankho lake limalumikiza mbali ziwirizo ndi mawu akuti “pomwe”, ndipo limapereka ziganizo, osati mawu amodziamodzi, popeza tanthauzo la mneni woteroyu limaoneka m'chiganizo. Wongotsata mitu umodziumodzi sangalipeze funso limeneli. Choncho akamaliza gawo, wophunzira amayang'ananso mitu yonse pamodzi n'kufunsa kuti ndi iti yomwe ingasokonezedwe.

Yankho lachitsanzo limalembedwa kawiri. Koyamba limachokera m'mutu, kope lili chitsekere, ngakhale litatuluka lopunduka. Kachiwiri limakonzedwa poyerekeza ndi notsi ndi buku lovomerezeka la phunzirolo, makamaka ndi cholembera cha mtundu wina kuti zomwe zinasowa zioneke. Mawu onyamula malikisi, monga “lembo la liwu” ndi “tsinde”, amadulidwa mzere kunsi. Sitepe yoyerekeza ndi buku si yodumpha. Notsi zambiri zimakoperedwa pa bolodi mothamanga kapena kwa mnzake yemwenso anakopera kwa wina, ndipo cholakwika chikalowa m'yankho lachitsanzo chimabwerezedwa mpaka kukhazikika. Mayankho okayikitsa amasonkhanitsidwa n'kupita nawo kwa aphunzitsi nthawi imodzi.

Kaikidwe ka pa tsamba kali ndi msampha wake. Yankho likakhala pansi penipeni pa funso, diso limaligwira munthu asanaganize. Mankhwala ake ndi osavuta: kusiya mizere iwiri pakati, n'kuphimba yankho ndi pepala lokhuthala lomwe limatsitsidwa pokhapokha yankho litanenedwa mokweza kapena kulembedwa pa pepala lina. Kunena mumtima kuti “ili ndikulidziwa” sikuwerengedwa, chifukwa maganizo amadzikhululukira msanga. M'mbali mwa funso mumalembedwa tsiku ndi chizindikiro chosonyeza ngati wakhoza kapena walephera. Funso lolephereka limabwerezedwa mawa lake, lokhozeka limadikira masiku angapo, kenako sabata. Mafunso asayankhidwe motsatana monga alili m'kope nthawi zonse, poti yankho la pamwamba limakumbutsa la pansi, ndipo pa mayeso thandizo limenelo kulibe.

Vuto lalikulu la njirayi ndi kuloweza yankho m'malo momvetsa nkhani. Limadziwika mosavuta: mnzake akafunsa funso lomwelo ndi mneni wina, monga “soka” m'malo mwa “lemba”, wophunzira woloweza amaima kakasi, pomwe womvetsa amati “sokera” n'kunena chifukwa chake. N'chifukwa chake pobwereza kachitatu chitsanzo chimasinthidwa dala, ndipo kusinthana makope ndi mnzake kumapindulitsa kuposa kudzifunsa wekha nthawi zonse. Vuto lina ndi kuyesa kuti mafunsowa ndi ulosi wa zomwe zidzabwere. Mawu akuti “funso lomwe lingabwere” akunena za mtundu wa funso, osati kuti mitu ina isiyidwe. Wosankha mitu yomwe akuganiza kuti idzabwera wasiya kuphunzira, wayamba juga.

Pali maphunziro omwe njirayi imakwanira pang'ono chabe. Pa masamu, mutu umasanduka samu yoti isovedwe, ndipo yankho lachitsanzo limaonetsa njira yonse sitepe ndi sitepe. Komabe samu imodzi pa mutu sikwanira, pamafunika zambiri za manambala osiyana. Pa chimangirizo ndi mafunso aatali a nkhani za m'mabuku, kulemba yankho lonse pa mutu uliwonse n'kutaya nthawi, ndipo kuliloweza n'koopsa chifukwa funso likasintha pang'ono yankho limaphonya. Pamenepo yankho lachitsanzo limakhala chigoba chokha: mfundo zinayi kapena zisanu, iliyonse ndi umboni wake mwachidule. Mayeso a zochitachita, monga a m'labotale, amafuna manja pa zipangizo, ndipo kope silingalowe m'malo mwake.

Ntchitoyi imadya nthawi, ndipo siyenera kuyambidwa kutatsala sabata kuti mayeso ayambe, chifukwa masiku onse angathere pa kulemba mafunso osapeza mpata wowayankha. Imayenda bwino ikamachitika mutu ukangotha kuphunzitsidwa, nkhani ikadali yatsopano m'mutu ndipo aphunzitsi akadali pa gawo lomwelo. Wochedwa kuyamba amasankha mitu yomwe imamuvuta, n'kupanga mafunso ochepa a mtundu wa “Fotokozani” ndi “Siyanitsani”, kusiya a “Tchulani” omwe angathe kudzifunsa pakamwa.