Thovu, kuundana ndi mtundu: mmene a kulabu amazindikirira mabakiteriya

Mafinya a pachilonda akafika ku labotale, amawapaka m'kambale kokhala ndi chakudya cha tizilombo, n'kukasiya pamalo ofunda madigiri 37 usiku wonse. Pofika m'mawa mabakiteriya amakhala atamera timadontho. Maikulosikopu imangoonetsa kuti ndi ozungulira kapena aatali ngati timitengo, koma dzina lawo silidziwika. Chimene chimawaulula ndi michere yotchedwa maenzaimu imene mtundu uliwonse umapanga, ndipo maonekedwe aja ndiwo amauza woyeza poyambira.

Tinene kuti apezeka ozungulira. Woyeza amayamba ndi katalezi. Amatapa kadontho kamodzi ndi kamtengo koyera, n'kukaviika m'dontho la haidirojeni perokisaidi, H₂O₂, wa 3 peresenti. Pakachita thovu nthawi yomweyo, ndiye kuti katalezi watulutsa mpweya wa okosijeni, ndipo amenewo ndi a gulu la Sitafilokokasi. Pakakhala zii, amaganizira Sitireputokokasi. Apa pafunika dzanja lopepuka, chifukwa chakudya cha m'kambale nthawi zambiri chimakhala chosakaniza ndi magazi, omwenso ali ndi katalezi. Akachitapira kumodzi, thovu limanamiza.

Thovu lija silithetsa nkhani. Ena a gululi amangokhala pakhungu la munthu aliyense osavulaza, pomwe Sitafilokokasi oriyasi ndiye amayambitsa zithupsa ndi matenda a m'mafupa. Chowalekanitsa ndi kowagulezi. Mabakiteriya amawasakaniza m'kachubu ndi pulazima, madzi a m'magazi, kawirikawiri a kalulu. Oriyasi amaundanitsa pulazimayo. Woyeza amapendeketsa kachubuko pafupipafupi kwa maola anayi, ndipo kakapanda kuundana amakaonanso tsiku lotsatira. Sangodikira mawa lokha ayi, chifukwa oriyasi wina amasungunula yekha zimene waundanitsa, ndiye wochedwa kuona amalemba kuti palibe.

Akapezeka aatali aja, makamaka m'chimbudzi kapena mumkodzo, amayamba ndi okisidezi. Amawapaka pakapepala konyowetsedwa ndi mankhwala ake. Kakasanduka kapepo woderako m'masekondi 10, amaganizira Sudomonasi kapena Vibiriyo, kachilombo ka kolera. Salimonela ndi Shigela sasintha kapepalako. Mtundu wobwera mochedwa sauwerengera, poti mankhwalawa amada okha akakhalitsa pamphepo. Waya wachitsulo nayenso amanamiza, n'chifukwa chake amatapa ndi kamtengo.

Okisidezi akakana, yuriyezi amathandiza kupatula otsalawo. M'mbale zina zoyezera chimbudzi, Purotiyasi amamera mofanana ndi Salimonela, gulu lomwe muli kachilombo ka taifodi. Koma Purotiyasi amaswa yureya n'kutulutsa amoniya, ndipo chakudya chachikasu cha m'kachubu chimasanduka chapinki m'maola ochepa. Cha Salimonela sichisanduka.

Kuyeza konseku kumafuna mabakiteriya a mtundu umodzi, omera kumene. Akasakanikirana awiri, amayamba awalekanitsa m'kambale kena, ndipo zotsatira zimachedwa ndi tsiku lina. Dzina likadziwika, pamatsala kuyeza kwina kopeza mankhwala amene angawaphe.