Makasitomala 3 miliyoni, kampani n'kugwabe

Mu Ogasiti 2017, kampani ya ku America yotchedwa MoviePass inalengeza kuti aliyense wolipira madola 9.95 pamwezi azionera filimu imodzi tsiku lililonse m'nyumba zoonetsera kanema. Anthu anakhamukirako. Olembetsa anali pafupifupi 20,000, koma pofika mu Juni 2018 anapitirira 3 miliyoni. Chaka chotsatira, mu Seputembala, ntchito inaima.

Vutoli likanaoneka msanga papepala limodzi lokha. Alexander Osterwalder wa ku Switzerland anakonza ndondomeko yotchedwa Business Model Canvas, yomwe imagawa bizinesi m'zigawo zisanu ndi zinayi. Pounika kampani yongoyamba kumene, zigawo ziwiri zimayenera kuikidwa pambalipambali: magulu a makasitomala ndi njira zolowera ndalama. Wounikayo amajambula mzere kuchoka pa gulu lililonse kukafika pa ndalama zomwe gululo limabweretsa, kenako n'kufunsa kuti kutumikira munthu mmodzi wa gululo kumadya zingati.

Gulu loyamba la MoviePass linali la oonera mafilimu. Pafupifupi tikiti iliyonse kampaniyi inkaigula pamtengo wake wonse, womwe panthawiyo unali pafupifupi madola 9. Munthu woonera kamodzi pamwezi ankasiya phindu losakwana dola imodzi. Woonera kanayi ankadya madola 36 atalipira 9.95, ndiye kuti kampani inkaluza pafupifupi 26 pa iye yekha. Ku New York zinali zoposa apa, chifukwa tikiti imodzi yokha inkadula kuposa ndalama ya mwezi wonse.

Mtengo woterewu umayenda ngati ambiri alipira koma osabwera. Komatu amene amathamangira kulembetsa zotere ndi okonda mafilimu enieni, osati munthu wopita kukanema kawiri pachaka. Mtengo unali wa gulu lina, obwera n'kukhala a gulu lina.

Eni ake ankadalira gulu lachiwiri kuti likwirire dzenjeli. Ankayembekezera kuti nyumba za kanema zizigawana nawo ndalama za matikiti ndi za zakudya, ndiponso kuti opanga mafilimu ndi otsatsa malonda azigula uthenga wokhudza zomwe anthu amakonda kuonera. Apa ndi pomwe wounika ayenera kuuma mtima n'kufunsa ngati pali mgwirizano wosainidwa kapena ndi chiyembekezo chabe. AMC, kampani yaikulu kwambiri ya nyumba za kanema m'dzikolo, inatsutsa mtengowo kuyambira pachiyambi ndipo sinalole kugawana nawo kanthu. Zochepa zomwe zinkalowa kuchokera kwina sizinayandikire n'komwe ndalama zogulira matikiti.

Chizindikiro chake sichovuta kuchiona: makasitomala akamachuluka, kuluza nakonso kumakula. MoviePass inayesa kudzipulumutsa mu Ogasiti 2018 pochepetsa mafilimu kuti akhale atatu pamwezi, koma madzi anali atafika kale m'khosi. Mu Januwale 2020, kampani yomwe inali mwini wake, Helios and Matheson Analytics, inapita kukhoti kukanena kuti yalephera kubweza ngongole zake.