Kalata yodandaula za simenti yofika itawonongeka

Kalata yopita kwa wogulitsa katundu imamveka bwino ikamafotokoza zimene chithunzi chikusonyeza, osati mkwiyo wa wolemba. Pa simenti izi n'zotheka ndithu, chifukwa thumba lililonse lowonongeka limakhala ndi zizindikiro za mmene linasungidwira kapena kunyamulidwira.

Chithunzi choyamba chimajambulidwa katundu asanatsitsidwe, nambala ya lole ikuwoneka, chifukwa matumba akangofika pansi wogulitsa akhoza kunena kuti anawonongeka potsitsa. Kenaka thumba lililonse limajambulidwa pafupi, ndipo chiwerengero cha owonongeka chimalembedwa pa chikalata cholandirira katundu, dalaivala n'kusayinira.

Mwachitsanzo, mwini hadiweya waitanitsa matumba 200 a makilogalamu 50, ndipo 14 afika ali ndi vuto. Matumba 9 ndi onyowa, onse ali pamwamba, kona imodzi ya kumbuyo, pomwe apansi ndi ouma. Madzi amenewa anachokera kumwamba, kutanthauza kuti tenti inali yobowoka kapena sinamangidwe bwino. Akadanyowa apansi okha, bwenzi vuto lili pa thandala la lole.

Matumba 5 otsalawo ndiwo ofuna diso. Kunja ndi ouma, koma mkati simenti yauma gwa. Simenti ikakhudzana ndi madzi imayamba kugwirana m'maola ochepa, koma kuti ilimbe ngati mwala, thumba n'kuumanso kunja, pamafunika masiku. Ulendo wa m'mawa umodzi sungachite zimenezo, choncho matumbawa anakwezedwa atawonongeka kale. Komabe pali msampha: simenti yosanjidwa mulu wautali kwa nthawi imapanganso zibuluma chifukwa cha kupsinjika, koma izo zimafumbutuka ndi zala ndipo simentiyo imagwirabe ntchito. Chithunzi cha thumba lotseka sichisiyanitsa ziwirizi. N'chifukwa chake thumba limodzi limatsegulidwa dalaivala akuwona, n'kujambula chibuluma chimene chakana kusweka.

Kalatayo imayamba ndi tsiku, nambala ya invoisi ndi ya lole, kenaka imatchula chithunzi chilichonse ndi nambala yake: "Chithunzi 2 chikusonyeza matumba 9 onyowa pamwamba, kumbuyo kwa lole, katundu asanatsitsidwe. Tikuwona kuti madzi analowera pa tenti. Chithunzi 4 chikusonyeza simenti youma gwa m'thumba louma kunja, zomwe zikusonyeza kuti inanyowa isanakwezedwe." Zowoneka ndi maso zimalembedwa pazokha, zoganizira pazokha, kuti wogulitsa akatsutsa maganizowo umboni ukhalebe chilili.

Chithunzi sichitchula amene analakwa, ndipo kuloza chala dalaivala m'kalata kumangoyambitsa mkangano. Chofunika n'kulekanitsa magulu awiriwa, makamaka ngati lole inali ya hayala, popeza matumba onyowera pa ulendo akhoza kukhala mlandu wa wonyamula, pomwe ouma kale ndi a wogulitsa. Pomaliza wolemba amanena chomwe akufuna, matumba ena 14 kapena kuchotsera mtengo wake pa invoisi, amapereka tsiku loyembekezera yankho, ndipo amasunga matumba owonongekawo padera mpaka wogulitsa adzawaone.