Matope amoyo oyeretsa madzi a suweji

Mu 1914, ku Davyhulme pafupi ndi mzinda wa Manchester, Edward Ardern ndi William Lockett ankapopera mpweya m'madzi a suweji, n'kudikira kuti matope akhale pansi. M'malo motaya matopewo, ankawathira m'madzi ena onyansa. Ntchito ya masabata angapo inayamba kutha pa tsiku limodzi, chifukwa matope aja anali odzaza ndi mabakiteriya anjala.

Njirayi ikugwirabe ntchito mpaka lero. Madzi akafika, amasefedwa kuti mapulasitiki ndi nsanza zitsale, mchenga ndi zolemera zina n'kumira m'thanki yoyamba. Otsalawo amakhala akadali ndi zonyansa zosungunuka, zimene sefa sangagwire.

Ntchito yeniyeni ili m'thanki yachiwiri, momwe makina amapopera mpweya usana ndi usiku. Kwa maola 4 mpaka 8, mabakiteriya amadya zonyansazo, n'kuzisandutsa madzi, mpweya wa kaboni ndi mabakiteriya atsopano. Pamene akudya amatulutsa kamadzi konanda kamene kamawamatiriza m'timibulu tofiirira, ndipo tizidutswa ta litsiro timakanirira pomwepo. Tizamoyo tina tokulirapo timameza mabakiteriya oyenda okhaokha, amene akanachititsa madzi kuoneka mbuu.

Pali gulu lina lochedwa kuswana, lodya amoniya wochokera mumkodzo. Ena amamusandutsa naitiraiti, anzawo n'kumalizitsa kukhala naitireti. Amenewa ndi osachedwa kufooka: kukazizira, kapena okosijeni akatsika kwambiri pansi pa mamiligalamu 2 pa lita, amayamba ndi iwo kusiya ntchito. Chigawo china cha thanki amachimana mpweya dala, kuti mabakiteriya apume pogwiritsa ntchito naitireti uja, naitirojeni n'kuuluka.

Kenako zonse zimalowa m'thanki yabata. Timibulu timamira, madzi oyera n'kusefukira pamwamba. Matope ambiri amabwezedwa kuthanki ya mpweya, ngati mbewu imene mlimi sadya, ndipo ochepa amachotsedwa tsiku lililonse kuti gulu lisakalambe.

Wodziwa ntchitoyi amayamba ndi maso ndi mphuno. Matope athanzi ndi ofiirira ndipo amamveka fungo la dothi lonyowa. Akada bii n'kumanunkha ngati dzira lovunda, ndiye kuti mpweya wawachepera. Amatunganso lita imodzi mubotolo loyezera n'kudikira mphindi 30. Tinene kuti m'lita imeneyo muli magalamu 3 a matope, ndipo akhazikika pa mamililita 300. Galamu iliyonse yatenga mamililita 100, zomwe zili bwino. Akaima pa 600, chiwerengero chafika 200, kupitirira 150 pomwe nkhawa imayambira. Kawirikawiri apa mabakiteriya onga ulusi amakhala atachuluka, ndipo ulusiwo umatchinga timibulu kuti tisathinane. Matope otere amasefukira limodzi ndi madzi kupita kumtsinje, thanki ya mpweya n'kutsala ndi odya ochepa.